Swichi ya ku labu inali mu Januwale

Pa chipatala chathu palibe amene amadziwa dzina lenileni la a Mphindi, kupatula mwina a ku ofesi yolemba antchito. Tonse timangoti a Mphindi, ndipo iwo amavomera. Dzinali analipata chifukwa ukawafunsa nthawi sakuyankha ngati munthu wamba. Wina angati, "Ikuthamangira 10 koloko." Iwo amayang'ana pamkono, kudikira kaye, kenaka n'kunena kuti, "Kwatsala mphindi zinayi ndi theka." Theka limenelo ndi limene linkanditopetsa ine.

Ndinawapeza atagwira kale zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pa chipatalapo. Anayamba ndi kukoka mawaya a telefoni m'denga, makompyuta asanachuluke. Netiweki itabwera, iwo ndi amene anapachika makabati a mawaya m'makoma, n'kuikamo maswichi, timabokosi tija tokhala ndi mabowo ambiri momwe zingwe za makompyuta onse zimakumana. Makiyi a makabati onsewo ankayenda nawo palamba, ndipo unkawamva akubwera asanatulukire pakhonde.

Bambo awo anali wokonza mawotchi, wokhala ndi katebulo pakhonde la sitolo. A Mphindi ankati ntchito yawo yoyamba ali mwana inali yomvera wailesi, ikalira kuti yakwana 1 koloko n'kufuula, bambo awo n'kutchera mawotchi onse a patebulopo. "Wotchi iliyonse imanama," ankatero. "Yabwino ndi imene imafunsako kwa inzake." Anakula nacho chimenecho. Akapita kukacheza kwa eni ake, n'kuona wotchi ya pakhoma yatsalira, amadikira mwini nyumba apite kukatenga madzi, iwo n'kukwera pampando. Akazi awo anandiuza okha kuti apongozi a a Mphindi anafika pochotsa wotchi pabalaza akamva kuti mkamwini akubwera.

Chodabwitsa n'chakuti munthu ameneyu amachedwa paliponse. Ku ukwati wawo womwe anafika mkwatibwi atakhala kale m'galimoto kwa nthawi. "Amachedwa," anatero akazi awo, "koma amadziwa bwinobwino kuti achedwa ndi mphindi zingati. Ine zimenezo zindithandiza chiyani?"

Ine ndinalowa ntchito ngati mnzawo wa za netiweki, pa miyezi isanu ndi umodzi yoyesedwa. Ndine wa mtima wapachala, sindibisa. Ndinali ndi mwana wa sitandade 2 ndi mayi anga m'nyumba, ndipo ntchitoyi ndinaipeza nditayenda ndi makalata zaka ziwiri mpaka nsapato kutha zidendene. Ofesi yathu inali kachipinda ka mawindo aang'ono pafupi ndi kochapira zovala. Munali matebulo atatu: langa, la a Mphindi, ndi la abwana athu, munthu wachinyamata wa masuti abwino amene nthawi zambiri ankakhala kumisonkhano.

Sabata yanga yoyamba a Mphindi anandikhazika pansi kundifotokozera za NTP, njira imene makina amagwirizanitsira nthawi, ngakhale ndinawauza kuti ndinaphunzira kale kusukulu.

"Mwaphunzira, inde, koma mverani," anatero. "Swichi iliyonse ili ndi kawotchi kake m'kati, ndipo imalemba logi. Chingwe chikalowa, imalemba. Chikatuluka, imalemba. Munthu akasintha kanthu, imalemba, ndipo pa mzere uliwonse imaika nthawi. Koma nthawiyo ndi ya kawotchi kakeko. Tsono kawotchiko kamatsalira kapena kuthamanga, masekondi angapo patsiku. Ndiye timaiuza swichi kuti izifunsa seva imodzi, kuti akulu, nthawi ili bwanji? Imasunga nthawi imene yafunsa ndi imene yankho lafika, n'kuchotsera ya panjira, n'kudzikonza. Pakapita kanthawi ifunsanso. Sevayo nayo imafunsa akuluakulu ake a pa intaneti, amene amatenga nthawi ku mawotchi osaphonya. Onse akamafunsa malo amodzi, malogi awo amalankhula chimodzi."

"Ndamva, bambo," ndinatero, maso ali pa foni.

Chimene anadzayamba kudandaula patapita miyezi iwiri n'chakuti seva imene maswichi ankafunsayo kunalibenso. Inali kompyuta yakale yotuwa imene anaiika okha zaka zambiri zapitazo. Makina atsopano atabwera, miyezi inayi lisanafike tsiku ndikunenali, yakaleyo inazimitsidwa n'kukaponyedwa kosungira katundu. Palibe anakumbukira kuti inkagawanso nthawi, ndiponso kuti malogi a maswichi onse ankasonkhana mmenemo. Maswichi anapitiriza kugogoda pa adiresi yakale, pakhomo popanda munthu. Kuwalozera ku seva yatsopano inali ntchito ya mphindi zochepa, koma abwana anali atabweretsa lamulo lakuti palibe kusintha kanthu pa swichi popanda fomu yosainidwa. A Mphindi analemba fomu yawo tsiku lomwelo. Inakhala m'thireyi ya abwana, pansi pa mapepala ena, ndipo Lolemba lililonse ankaikumbutsa.

"A Mphindi, wotchi si wodwala," ankatero abwana. "Pali zofunika kuposa zimenezo. Tidzaiona."

Ine ndinkaseka nawo. Ndivomere, ndinkaona ngati ndi matenda a ukalamba.

Lachitatu la sabata yanga yomaliza yoyesedwa, ndinapita kolandirira mankhwala kukalumikiza pulinta yatsopano. Fomu yanga inali yosainidwa, poti a kumankhwala anali atadandaula mpaka kwa akuluakulu. Ndinatsegula kabati ndi kiyi imene a Mphindi anandibwereka, n'kulumikiza laputopu yanga ku swichi ndi chingwe chachindunji, kuti ndisamutse bowo limodzi lipite ku gawo la mapulinta. Ndinaona kuti swichiyo ikuyankha mwaulesi. Ndikalemba chilembo, chimatulukira patapita kanthawi. Ndinaitukwana chamumtima, n'kumaliza ntchito yanga, n'kutseka kabati. Nthawi sindinayang'ane. Ndinkangodziwa kuti 10 koloko yadutsa.

Nditatuluka ndinapeza pakhonde pali chipwirikiti. Makompyuta onse a pa chipatala anali atangoti njo. Olembetsa odwala sankatha kutsegula mafayilo, zotsatira za magazi sizinkachoka ku labu kupita kwa madokotala, ndipo mzere wa kumankhwala unafika pakhomo lakunja. Anamwino anayamba kuthamanga ndi timapepala m'manja ngati kale. Mayi wina wobereka mwana wotentha thupi anandigwira mkono poona laputopu yanga, n'kundifunsa kuti, "Achemwali, zitheka nthawi yanji?"

Ndinathamangira ku chipinda cha maseva. A Mphindi anandipeza komweko, makiyi akulira. Timagetsi ta pa swichi yaikulu tinkaphethira tonse pamodzi mothamanga, osapuma. Tonse tinadziwa tanthauzo lake. Penapake panali lupu, kutanthauza kuti zingwe zalumikizana mozungulira, uthenga umodzi ukungozungulira n'kumachulukana mpaka njira yonse kudzaza. Koma pati? Chipatala chili ndi mabowo mazanamazana. A Mphindi ankafuna tiyambe kuzula zingwe za nthambi imodziimodzi, koma zina mwa izo zimapita ku chipinda cha opaleshoni, ndipo popanda mawu a abwana sakanakhudza.

Abwana anatulukira kuchokera kumsonkhano, thukuta lili kamukamu. Funso lawo linali limodzi. "Ndani wakhudza kanthu m'mawa uno?"

"Ine, bwana," ndinayankha. "Pulinta ya kumankhwala. Fomu munasaina."

"Thamangani mukabweze mmene zinalili. Pompano!"

Ndinapita. Nditalumikizanso laputopu ndinaona kuti swichi ija tsopano ikuyankha msanga, koma ndinalibe mtima woganizira zimenezo. Ndinabweza zimene ndinasintha. Potuluka ndinamva wina wa kumankhwala akufuula kuti, "Yabwera!" Aliyense anabwerera pampando wake, ndipo onse amene ndinakumana nawo pakhonde anandiyang'ana mofanana.

Masana abwana anasindikiza malogi awiri n'kuwayala patebulo panga. Anali atazunguliza mizere inayi ndi cholembera chofiira. Logi ya swichi ya kumankhwala inkati ndinasintha bowo 10:03. Logi ya swichi yaikulu inkati chisokonezo chinayamba 10:05. Ya kumankhwala inkati ndinabweza 10:49. Yaikulu inkati chisokonezo chinatha 10:51.

"Mwakhudza, mphindi ziwiri, zagwa," anatero. "Mwabweza, mphindi ziwiri, zadzuka. Ine ndikawauza chiyani akuluakulu? Akufuna lipoti mawa 9 koloko. Ndipo kalata yanu ya ntchito yokhazikika ija ndimayenera kuisaina Lachisanu."

Sanamalize, koma ndinamva. Ndinayesa kunena kuti kusamutsa bowo limodzi la pulinta sikungapange lupu. Iwo anangogogoda pepala ndi chala. Mtima wanga unapsa, mawu n'kufika pakhosi, koma ndinakumbukira mayi anga ndi mwana uja, n'kuwameza. Ndinachita mantha enieni, a munthu woona khomo likumutsekera.

A Mphindi anadzuka patebulo pawo. Anatenga mapepala aja, kuwayang'ana, n'kufunsa modekha kuti, "Bwana, mawotchi awiriwa mwawafunsa ngati amadziwana?"

"Mwayambanso?"

"Pepala ili ndi la wotchi ina, ili ndi la wotchi ina. Miyezi inayi palibe imene yafunsako nthawi kwina. Mukuika mboni ziwiri pamodzi, koma iliyonse ili ndi tsiku lake."

Abwana anapumira m'mwamba. Anafufuza m'thireyi, kusolola fomu ija, kona yake itapindika, n'kuisaina mwaukali. "Nayo. Kakonzeni mawotchi anuwo pompano, tione ngati zisinthe."

Ndinkayesa a Mphindi alumpha ndi chimwemwe. M'malo mwake anakweza dzanja. "Ayi, bwana. Osati pano. Tikakonza wotchi tsopano, mizere yolembedwa kale sisintha, ikhala ndi nthawi yake yabodza ija. Ndipo sitidzadziwanso kuti inkanama ndi mphindi zingati. Choyamba tilembe kuti iliyonse yalakwa bwanji. Komanso wina asazimitse swichi iliyonse. Malogiwa ali m'mutu mwa swichi mokha, ikazima apita."

Miyezi inayi akupempha fomuyo, n'kuilandira, n'kuipinda kuika m'thumba la malaya. Ndinawayang'ana mwina kwa nthawi yoyamba.

Tinanyamuka awiri, iwo ndi kabuku ndi pensulo, ine ndi laputopu. Poyamba anaonetsetsa kuti laputopu yanga yatenga nthawi ku seva yatsopano ija, imene inkafunsa bwinobwino pa intaneti. Ndiye pa kabati iliyonse ine ndinkafunsa swichi nthawi yake, n'kunena mokweza kuti "Pano!" podina batani, iwo n'kulemba ziwiri zonse, ya swichi ndi yoona. Ankachita katatu pa swichi iliyonse. Ndinawauza kuti kamodzi n'kokwanira.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi," anatero, n'kuloza batani.

Swichi yaikulu inali patsogolo ndi mphindi imodzi ndi masekondi makumi anayi. Ya kumankhwala inali m'mbuyo ndi mphindi zisanu ndi zinayi ndi masekondi asanu. A Mphindi anakhala pa benchi ya odwala, kabuku pabondo, n'kuwerengera. Anati kuyambira m'mawa mpaka masanawo mawotchiwo sangakhale atasuntha kuposa sekondi imodzi kapena ziwiri, ndiye kusiyanako tingakukhulupirire. Anandionetsa pepala. Chisokonezo chinayamba 10:03:22. Ine ndinakhudza swichi 10:12, netiweki itagwa kale kwa mphindi pafupifupi zisanu ndi zinayi. Chinatha 10:49:30, ine n'kubweza zanga 10:58, zitachira kale.

"N'chifukwa chake inkayankha mwaulesi!" ndinafuula. "Inali ikumira kale!" Ndinatsala pang'ono kuwakumbatira pakati pa odwala. Ndinati tithamange tikawaonetse abwana.

Iwo sanadzuke. "Mwatuluka inuyo, ndavomera. Koma ngati si inu munakonza, anakonza ndani? Lupu sichoka yokha. Ngati sitikudziwa chimene chinaichotsa, ndiye kuti ikadalipo, yangogona."

Tinayenda makabati otsala. Ku mawodi kunalibe chachilendo. Ku ofesi za akuluakulu kunalibe. Womaliza unali wa ku labu, ndipo ndinaona kuti a Mphindi achepetsa liwiro poyandikira chitseko.

Swichi ya ku labu ndi yakale kuposa zonse. Ilibe kabatire kosunga nthawi, ndiye magetsi akathima imadzuka ikuyesa kuti ndi pakati pa usiku wa pa 1 Januwale, chaka chimene ine ndinali ndisanamalize pulayimale. Kale inkadzuka n'kufunsa seva, m'kanthawi kochepa n'kubwerera m'chaka chathu. Tsopano inalibe woifunsa. Magetsi anali atathima kumeneko Lolemba m'mawa, choncho Lachitatu limenelo iyo inkati ndi pa 3 Januwale. Abwana anali ataiona logi yake, n'kuitaya pambali poyesa kuti ndi zakalekale.

"Pano!" ndinatero. Laputopu inkati 14:40:00. Swichi inkati 06:09:48.

A Mphindi analemba. "Tiziwonjezera maola asanu ndi atatu, mphindi makumi atatu, masekondi khumi ndi awiri. Werengani mizere ya pa 3 Januwale."

Inali yochepa. "Bowo 18 ladzuka, 01:33:08," ndinawerenga. "Kenaka bowo 7 ndi bowo 18 agona limodzi, 02:19:17."

Pensulo inayenda, n'kuima. Ndinasuzumira. Bowo 18 linadzuka 10:03:20, masekondi awiri chisokonezo chisanayambe. Mabowo awiriwo anagona 10:49:29, sekondi imodzi chisanathe.

"Tamugwira!" ndinatero. "Ndani analowetsa chingwe mu 18? Ameneyo ndiye andidziwe lero. Anthu a ku labu awa amangolowetsa zinthu ngati kwawo."

"Kabati iyi imakhala yokhoma," anatero a Mphindi. "Kiyi ndi imodzi."

Anaigwira palamba pawo.

Anafotokoza mosabisa, maso ali pa kabuku. M'mawa umenewo anadutsa ku labu kukaona batire la m'kabati logwirizira swichi magetsi akathima, limene linafa n'kuchititsa kuti swichi izime Lolemba. Atatsegula anaona chingwe chimodzi chabuluu chikulendewera, chopanda chizindikiro. A Mphindi sapirira chinthu cholendewera. Anayesa chagwa chokha, n'kuchilowetsa m'bowo lopanda kanthu, kutseka kabati, n'kumapita. Chinali chinthu chaching'ono kwambiri moti abwana atafunsa kuti ndani wakhudza kanthu, m'mutu mwawo munabwera zosintha za pa laputopu zokha. Anayamba kuchikumbukira tili pa benchi paja, ataona 10:03.

Tinatsata chingwecho. Chinadutsa m'khoma n'kutulukira pansi pa tebulo lalitali la mu labu, kuseri kwa mabokosi a magolovesi. Kumeneko kunali kaswichi kakang'ono ka m'sitolo, kamene a ku labu anadzigulira okha chaka china kuti alumikize makina owonjezera. Kanali kolumikizidwa kale ku bowo 7. Wina m'mbuyomo anali atalowetsanso chingwe chachiwiri m'kaswichiko, koma mutu wake wa ku kabati unali wozula, ndiye panalibe vuto. A Mphindi atalowetsa mutuwo mu 18, njira inazungulira. Chitetezo chimene chimayenera kutseka lupu chinali chozimitsa pa swichi yakaleyo kuyambira kalekale.

Kaswichiko kanali kozima. Tinafunsa mayi woyeza magazi amene anali pafupi.

"Ndazimitsa ndine pa soketi," anatero. "Nditaona kuti zonse zaima ndinati mwina zipume kaye. Makina a mbali imeneyo sitinawafune lero. Ndimati ndiyatse mawa m'mawa, pobwera magazi a ku mawodi."

A Mphindi anabwerera ku kabati, kuzula chingwe chabuluu mu 18, kuchikulunga bwinobwino, n'kumata kapepala pamutu pake. Mawa lake m'mawa, ine nditachotsedwa kale m'maganizo mwa abwana, chipatala chikanagwanso.

Tili pakhonde ndinawagwira mkono. Mkwiyo wanga wonse unali utasungunuka, m'malo mwake munalowa chisoni. Ndinkadziwa kuti m'fayilo mwawo munalibe kalata yochenjeza ngakhale imodzi, ndiponso kuti abwana akhala akufuna chifukwa chowachotsera makiyi aja.

"Bambo," ndinatero, "malogi awiri aja akwanira kundipulumutsa. Za ku labu tingonena kuti tapeza kaswichi kosaloledwa, tachotsa lupu. Si bodza. Logi ya mu Januwale palibe adzaiwerenge."

"Ndiye mlandu ugwere mayi woyeza magazi uja?"

"Sitinena dzina."

"Mukapanda kunena dzina, anthu amalipeza okha, ndipo amapeza la wamng'ono. M'mawa uno linali lanu." Anatseka kabuku. "Ndalira mvula miyezi inayi, mwana wanga. Matope ake ndi amenewa."

Lachinayi 9 koloko tinakhala m'chipinda cha misonkhano: mkulu wa chipatala, mkulu wa anamwino, abwana, ine. A Mphindi anafika mochedwa ndi mphindi zisanu ndi imodzi, ndipo anapepesa potchula nambalayo. Anagawa pepala limodzi kwa aliyense. Anali atalemba mizere yonse ya maswichi atatu pa mndandanda umodzi, nthawi ya swichi kumanzere, nthawi yoona kumanja, kuyambira woyamba mpaka womaliza. Ngakhale mkulu wa anamwino, amene amati kompyuta imamudwalitsa mutu, anatsata ndi chala mpaka pansi osafunsa.

"Mzere woyambawu," anatero mkulu wa chipatala. "10:03:20, chingwe chilowa ku labu. Analowetsa ndani?"

"Ine, bwana," anayankha a Mphindi. "Popanda fomu, popanda kuchitsata kumene chikupita. Mayi awa anafika pa swichi yawo nyumba ikupsa kale."

Mkulu wa anamwino ananena kuti zotsatira za odwala khumi ndi anayi zinachedwa, kuti palibe anavulala, koma kuti zimenezo zinali mwayi chabe. Kenaka anafunsa chifukwa chimene mawotchi a maswichi anasiyanira chotero. Abwana anayang'ana patebulo. A Mphindi akanatha kutulutsa fomu ija, tsiku limene anailemba likuoneka pamwamba. Ndinaona kona yake ikusuzumira m'thumba la malaya. Anangoti, "Seva imene ankafunsa inachotsedwa. Fomu yokonzera yasainidwa, tikonza lero." Ine ndinatsegula pakamwa, iwo n'kundiponda phazi pansi pa tebulo. Mpaka lero ndimakwiya nazo.

Masana amenewo tinakonza. Pa swichi iliyonse tinachotsa adiresi yakale, n'kuika ya seva yatsopano ndi ina yachiwiri yapadera, kuti imodzi ikadzafa pasadzakhalenso kugogoda pakhomo lopanda munthu. Tinaonetsetsa kuti zonse zikuwerenga nthawi m'chigawo chimodzi, n'kuzilozera malo amodzi otumizako malogi. Ku labu tinayatsanso chitetezo cha lupu, ndi fomu yake. Nditalemba lamulo la NTP pa swichi yakale ija, sinasinthe nthawi yomweyo. Ndinafunsa kawiri, ikadali mu Januwale. A Mphindi anati ndiipatse mpata, iyenera kufunsa kangapo isanakhulupirire. Patapita mphindi zingapo ndinafunsanso, ndipo inatchula tsiku la Lachinayi limenelo, chaka chathu, sekondi yomweyo ya pa laputopu.

Lachisanu kunatuluka makalata awiri. Yanga inkati ndalembedwa ntchito yokhazikika. Ya a Mphindi inali chenjezo, loyamba m'zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo inkati kuyambira tsikulo azikhala pa tebulo loyankha mafoni a anthu oiwala mapasiwedi. Makiyi a makabati apereke kwa ine.

Anawamasula palamba pamaso panga. Lambayo anali ndi dzenje lonyezimira pamene mphete ya makiyi inkakhuza zaka zonsezo. Anandionetsa kiyi iliyonse, iyi ya ku mawodi, iyi imafuna kukoka chitseko pang'ono, iyi ya ku labu. Ndinalira, ndipo sindinabise. Ndinawauza kuti si chilungamo, kuti wosunga fomu m'thireyi akadali ndi tebulo lake.

"Chingwe analowetsa ndi iwo?" anandifunsa. "Tengani, manja anga atopa."

Akazi awo anabwera kudzawatenga madzulo, poti ankapita limodzi kukaona mdzukulu. Atamva nkhaniyo anapukusa mutu. "Bambo awa," anatero, "anakakonza mawotchi kuti awagwire bwino." Koma anawakonzera kolala ya malaya, n'kuwanyamulira chikwama, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita.

Papita zaka ziwiri. A Mphindi akadali pa tebulo la mafoni, ndipo amayankha moleza mtima anthu amene ine ndikanawatukwana. Ku makabati sapitanso. M'mawa uliwonse ndisanachite china chilichonse ndimafunsa maswichi onse ngati akugwirizana ndi seva, ndipo palibe anandilamula. Ndikamalowa mu ofesi amamva makiyi akulira pakhonde, n'kutembenuka, foni ili kukhutu, kuitseka ndi dzanja.

"Ya ku labu?" amafunsa chapansipansi.

"Ili ndi ife, bambo," ndimawayankha. Akatero amagwedeza mutu, n'kubwerera kwa munthu woiwala pasiwedi uja.